Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Masiku asanu ndi limodzi okonzekera intaviyu ya ku Kanengo

M'gawo lapita ndinalekezera pamene ndinabwerera kwathu ku Mchinji, digiri ya ku Bunda ili m'manja koma ntchito palibe. Miyezi isanu ndi iwiri inatha ndikulemba makalata. Foni ija inandipeza Lachinayi masana ndikuthandiza mayi kuswa mtedza pakhonde. Anali mayi wina wa ku kampani yogula mbewu kwa alimi ndi kuyenga mafuta ophikira ku Kanengo. Anati akufuna achinyamata ongomaliza kumene sukulu oti awaphunzitse ntchito, ndipo ndikaonekere Lachitatu sabata yamawa 9 koloko m'mawa, nditatenga mapepala anga onse enieni pamodzi ndi chiphaso cha unzika.

Usiku womwewo ndinatulutsa makope anga a ku Bunda. Ndinayamba kuloweza matanthauzo a mawu a zamalonda a ulimi, mitundu ya misika, ndi mayankho aja aliyense amaloweza, onena kuti ndine wolimbikira komanso wodziwa kugwira ntchito ndi anzanga. Mayi anandiyang'ana ndikuyankhula ndekha, kenako anati, "Bwanji osapita kwa malume ako? Paja iwo anakalambira pasikelo."

Malume anagwira ukalaliki wogula mbewu zaka zambiri m'misika ya kumidzi, kenako anakhala woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Sukulu analekezera fomu 2. Loweruka ndinapalasa njinga kupita kwawo, ndipo ndinawapeza akusoka matumba pansi pa mtengo wa mango. Nditawauza nkhani yanga anakondwa, kenako anati ndiwayankhe funso limodzi ngati kuti iwo ndi abwana a ku Kanengo.

"Mphwanga, kampani yakutuma ku Kamwendo. Wagula soya wodzaza lole, matani 30. Chinyezi chake ndi 16 peresenti. Ku fakitale akufuna 12. Akauma atsala makilo angati?"

Ndinayankha msanga kuti tichotse 4 peresenti, ndiye kuti makilo 1,200 apita. Malume anapukusa mutu. Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi.

Anati ndiyambe ndaiwala za madziwo, ndione soya weniweniyo. Pa makilo 100 alionse a soya wa chinyezi cha 16, makilo 84 ndi soya, 16 ndi madzi. Ukamuyanika, 84 uja sasintha, chimene chimachoka ndi madzi okha. Tsono akafika pa chinyezi cha 12, soya weniweni amakhala makilo 88 pa 100 alionse. Ndiye umatenga kulemera koyamba, kuchulukitsa ndi 84, n'kugawa ndi 88. Tinawerengera limodzi pafoni yanga: 30,000 × 84 ÷ 88 = 28,636. Makilo 1,364 apita ndi dzuwa, osati 1,200. Amenewo ndi matumba 27 a makilo 50, ndi kanthu pamwamba.

Sanalekere pomwepo. Anati tiyerekeze kuti ndagula pa K500 pa kilo, kuti masamu asavute. Lole yonse ndalipira K15 miliyoni. Koma soya amene afike ku makina ndi makilo 28,636 okha, choncho kilo iliyonse yandidyera pafupifupi K524, ndisanawerengere mafuta a lole, aganyu onyamula, matumba, ndi zinyalala zimene zichoke popeta. "Ukapita ku ofesi ukanena kuti wagula pa 500," anatero malume, "koma kampani yagula pa 524. K682,000 waigulira madzi. Ukachita zimenezi malole khumi, sadzakufunsa za digiri yako."

Ndinakhala chete nthawi yaitali ndikuyang'ana manambala aja padothi. Masamu amenewa sanali achilendo kwenikweni, tinawaona m'kalasi. Koma m'kalasi sindinaonepo thumba likusanduka ndalama ya munthu. Pamenepo ndinamvetsa kuti kampani yotere imapindula kapena kuluza pasikelo pomwepo, mbewu isanakwere lole, ndipo wachinyamata amene akumufunayo ndi amene adzaima pasikelopo nyengo yokolola ikafika.

Tsiku lonselo malume anandiphunzitsa kulandira katundu. Anatulutsa chitsulo chawo chakale chobayira matumba, chosongoka kutsogolo, chokhala ndi mphako pakati. Anandipatsa kuti ndibaye thumba la soya wawo. Ine ndinabaya pamwamba, pafupi ndi pakamwa pa thumba. Anandigwira dzanja n'kulitsitsa. Pamwamba, anatero, m'pamene munthu amaika mbewu yabwino. Wonyowa, wowola, mchenga ndi timiyala zimakhala pakati ndi pansi. Baya pakati, baya pansi, baya m'mbali, ndipo usalole kuti mwini katundu kapena dalaivala akusankhire matumba oti ubaye. Matumba akakhala ochepa, osapitirira khumi, baya onse. Akakhala 600 ngati a lole ija, baya osachepera 25, otengedwa malo osiyanasiyana, ena apansi penipeni ngakhale aganyu adandaule. Zonse wasonkhanitsazo uzisakanize m'beseni limodzi, ndipo m'menemo ndi mmene utengemo zoyeza.

Kamakina koyezera chinyezi iwo analibe, koma anandifotokozera zimene kamalakwitsa. Mbewu imene yangochoka padzuwa ikadali yotentha imanamiza kamakinako, iyenera kuzizira kaye. Ndipo usaiwale kusankha mtundu wa mbewu, chifukwa muyeso wa chimanga si wa soya. Kuyeza kamodzi sikokwanira, uyeze katatu. Batire likatha kumudzi, dzino lilipo. Anandipatsa soya wouma, ndinaluma, anasweka n'kulira kuti khwa. Anandipatsa wina wa m'thumba limene anali asanaliyanike bwino, dzino linangolowa osamveka kanthu. Pa chimanga anandionetsa njira ya mchere: chimanga chodzaza dzanja m'botolo louma lagalasi, mchere wouma masupuni awiri, kutseka, kukhutchumula, kudikira pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume.

Za mtedza tinakambirana madzulo, ndipo apa mpamene mtima unandipweteka. Malume anati vuto lalikulu la mtedza ndi chuku, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini. Poizoniyu sachoka ndi kukazinga kapena kuphika, ndipo amawononga chiwindi. Mayiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu wopitirira magawo 4 pa biliyoni, choncho njere zochepa zowola zitha kubweza kontena yonse. Anati chimodzi mwa zoyambitsa ndi chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa. Ine ndinakumbukira pakhonde paja Lachinayi. Beseni la madzi linali pambali pa mayi, ndipo ine ndemwe ndinawaza. Mayi sachita zimenezi pofuna kubera munthu. Zala zimapweteka, makoko a mtedza wouma amacheka, ndipo palibe anawauzapo kuti madzi ochepa amenewo amadzutsa chuku m'thumba. Ena amawaza dala kuti mtedza ulemere, ndi zoona, koma ambiri ndi ngati mayi anga.

Ndinawafunsa malume funso limene linkandivuta. Nanga mayi wokalamba akabwera ndi matumba atatu a soya wonyowa, walipira ngolo kuchokera kutali, mwana akudikira fizi, ndichite chiyani?

"Limeneli akakufunsa ndithu," anatero. "Ukanena kuti ndigula chifukwa cha chisoni, walephera. Ukanena kuti ndimubweza basi, walepheranso, chifukwa mawa akagulitsa kwa venda wa sikelo yokhota ndipo kwa iwe sadzabweranso." Iwo ankayala lona pafupi ndi sikelo. Mlimi aone yekha nambala pa kamakina, umufotokozere, ayanike pomwepo tsiku limodzi kapena awiri, muyezenso ali pomwepo. Ngati kampani ili ndi ndondomeko yochotsera makilo pa chinyezi, umuwerengere poyera ndi kumulembera pa lisiti, asankhe yekha. Chimene sungachite ndi kulemba 12 pamene wayeza 16, kaya ndi chifukwa cha chisoni kaya cha kangachepe. Mbewu yonyowa ikalowa mu mulu imatentha, imachita chuku, n'kuwononga ndi matumba oyandikana nawo, ndipo pepala limene lidzatsatidwe lili ndi dzina lako.

Anandikumbutsanso ziwiri zoti ndisakaiwale kutchula. Sikelo yogulira iyenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo m'mawa uliwonse uyambe waiyesa ndi chinthu chimene ukudziwa kulemera kwake, alimi akuona. Chachiwiri, unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, ndipo wogula ayenera kukhala ndi chiphaso. Anati ndikaidziwe mitengo ya chaka chimenecho pamtima, komanso ndikadziwe imene ikuyenda pamsika, chifukwa ziwirizi nthawi zambiri sizifanana.

Lolemba ndinapita pa msika wa Kamwendo opanda chogula. Ndinakhala pafupi ndi masikelo a mavenda m'mawa wonse, ndikufunsa mitengo ya soya ndi mtedza, ndikulemba m'kope. Ndinaona mmene mtengo umasinthira lole ya ku Lilongwe ikangoima. Madzulo ndinawerenga za kampaniyo, zimene imapanga ndi kumene imagula. Ndinalembanso papepala ulendo wa soya akalowa pageti: kuyeza lole yodzaza ndi yopanda kanthu, kupeta, kuswa, kufinya mafuta. Soya ali ndi mafuta pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo chotsalacho, chimene amati keke, chimapita kwa opanga chakudya cha nkhuku. Ndinadabwa kuzindikira kuti pa thumba lililonse, katundu wochuluka amene fakitale imagulitsa ndi kekeyo.

Zina zinali zachangu. Mapepala ndinawajambulitsa pa boma, shati yoyera ndinasita ndi simbi yamakala, nsapato ndinabwereka kwa msuweni wanga. Lachiwiri ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukagona kwa achemwali ku Area 25, kuti m'mawa ndisalimbane ndi mtunda. Ndisananyamuke ndinakhala ndi mayi pakhonde n'kuwafotokozera za madzi ndi chuku. Anamvetsera, kenako anafunsa kuti nanga zala zawo. Ndinawalonjeza kuti malipiro anga oyamba ndidzagula kamakina koswera mtedza. Anangoti, "Kapeze kaye ntchitoyo, mwanawe," n'kundiika mtedza wokazinga m'chikwama.

Usiku kwa achemwali, alamu anakhala abwana, ine wofunsidwa. Anandipatsa manambala ena, matani 20 pa chinyezi cha 15, ndipo ndinawerengera pamaso pawo mpaka dzanja linasiya kunjenjemera.

Lachitatu ndinafika pageti 8 koloko isanakwane. Malole a soya anali atandanda kale mumsewu, madalaivala akumwa tiyi pansi, ndipo mpweya wonse unkanunkhira soya wophikidwa. Pa benchi tinalipo khumi ndi mmodzi, ena ndinkawadziwa ku Bunda, aliyense ndi envulopu yake pamiyendo. Dzina langa linaitanidwa lachinayi. Nditalowa ndinapeza anthu atatu kuseri kwa tebulo, ndipo pakati pa tebulolo panali mbale ziwiri za pulasitiki zodzaza soya. Bambo wa pakati anandikankhira zonse ziwiri, nati, "Takulandirani, achimwene. Khalani pansi. Mwa awiriwa, mungatigulire uti?"

Ndinapempha chilolezo, ndinapisa dzanja mpaka pansi pa mbale yoyamba, ndinatola njere imodzi n'kuiluma.