Kope langa la milamba: chithunzi cha alamu sichilowamo

Kope lomwe ndimalembamo utali wa mlamba uliwonse womwe ndawedza ku Bua likupita patsogolo, ndipo tsopano anzanga ayamba kunditumizira zithunzi za nsomba zawo kuti nazo ndizilembemo. Zina ndikulemba, zina ndikubweza. Chomwe ndabweza sabata ino ndi cha alamu anga. Mlamba ndi wooneka bwino, wagona pamchenga, koma m'chithunzimo mulibe china chilichonse kupatula mchengawo. Iwo akuti, "Alamu, inu mumadziwa masamu, tangowerengani." Masamuwo alipo, koma alibe poyambira.

Kamera sidziwa masentimita. Chomwe imasunga ndi malo amene chinthu chatenga m'maso mwake, ndipo malowo amadalira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kukula kwa chinthucho ndi mtunda womwe chili. Mlamba wa masentimita 30 wojambulidwa pa mtunda wa mita imodzi umatenga malo ofanana ndendende ndi wa masentimita 60 wojambulidwa pa mamita awiri. Tambasulani mkono, tsinzinani diso limodzi, muona chala chanu chikubisa nsonga ya phiri la Kasungu. Chithunzi chimasunga zomwe diso limodzilo laona, osanena kuti n'chiyani chinali pafupi. Ngakhale mutatsegula zomwe foni imalemba kuseri kwa chithunzi n'kupeza mtundu wa kamera, mtunda wa nsomba umakhala ukusowabe. Mchenga nawo suthandiza, poti pali wosalala ndi wamiyalamiyala.

Ndiye pamafunika chinthu chimodzi chomwe utali wake tikuudziwa kale. Ine ndimagwiritsa ntchito khadi la ku banki, lomwe m'litali ndi masentimita 8.56 (muzilitembenuza kapena kuphimba manambala, chithunzi chimayenda kutali). Lula ya kusukulu ya masentimita 30 ndiye yabwino koposa, kungoti ndani amakumbukira lula popita kumtsinje? Dzanja sindilikhulupirira. La alamu ndi langa n'zosiyana kwambiri.

Mawerengedwe ake ndi awa. Nditenge chithunzi china chomwe ndinalandira, mlamba uli chigonere ndi khadi pambali. Ndinachitsegula pa foni n'kuyeza pagalasi pomwepo: khadi linakwana masentimita 2.2, mlamba kuchokera kukamwa kufika kumapeto kwa mchira masentimita 11. Mukagawa 11 ndi 2.2 mupeza 5, kutanthauza kuti nsombayo ndi makhadi asanu ondondozana. Makhadi asanu a 8.56 ndi masentimita 42.8. Chofunika n'chakuti musakulitse chithunzi pakati pa miyeso iwiriyi. Mukakulitsa, yezaninso zonse.

Koma kukhala ndi khadi m'chithunzi sikokwanira, ndipo apa ndi pomwe ambiri akugwa. Khadi ndi nsomba ziyenera kukhala pa mtunda umodzi kuchokera ku kamera. Taganizirani kajambulidwe kathu ka awedzi: wojambula waima mita imodzi ndi theka kuchokera kwa mwini nsomba, mwiniyo watambasula manja n'kuikankhira kutsogolo masentimita 50. Nsomba ili pa mita imodzi, chifuwa chake chili pa mita ndi theka. Mukayeza potengera chifuwacho, kapena khadi lomwe lili m'thumba la malaya, mlamba wa masentimita 40 utuluka 60. Mungazindikire poona zala zomwe zagwira nsomba: zikamaoneka zonenepa kuyerekeza ndi nkhope, dziwani kuti manja anatambasulidwa.

Vuto lomweli limabwera mobisika ngakhale nsomba ili pansi. Mlamba ndi wonenepa, mbali yake yapamwamba imatukuka, pomwe khadi lagona pa dothi. Foni ikakhala masentimita 40 kuchokera pansi, ndipo mbali yomwe mukuyezayo yatukuka masentimita 5, ndiye kuti ili pa 35, choncho ioneka yaikulu ndi gawo limodzi mwa magawo 7. Mukakweza foni kufika pa mita imodzi, kusiyanako kumatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa 20. Ine ndimaika khadi pa kamwala kuti lilingane ndi pakati pa thupi la nsomba, kenako ndimaimirira n'kujambula kuchokera pamwamba penipeni.

Kujambula chammbali kumafupikitsa mbali yomwe yaloza kutali, ndipo mudziwa poona khadi lomwe: likaoneka lopendekeka, mbali imodzi yopapatiza kuposa inzake, foni inali yopendama. Mlamba wopindika nawo umachepa mukauyeza molunjika, choncho uwongoleni kaye.

M'kope ndawonjezera mzere wolembapo momwe utali wapezekera, kaya ndi lula pa nsomba yeniyeni kapena ndi khadi pa chithunzi, kuti manambala awiriwa asasakanikirane. Alamu ndawauza kuti ulendo wamawa atenge lula ya mwana wawo.