Mmene ndinadziwira pa zithunzi kuti ma AirPods Pro amene ndinkafuna kugula anali feki

Mchemwali wanga anandipempha kuti ndimupezere ma AirPods Pro am'badwo wachiwiri, timahedifoni topanda chingwe ta kampani ya Apple, ndipo mnyamata wina wogulitsa pa WhatsApp anati ali nawo orijino ochokera ku Joni. Poti mnyamatayo anali kutali, ndinafunika kutumiza ndalama ndisanawagwire m'manja. Choncho ndinati: "Achimwene, tandijambulirani kabokosi kotchajirako kumbuyo, pansi, ndi mkati mwa chivundikiro. Mujambulenso pepala lomata pa katoni. Mujambulire panja powala, osayatsa fulashi." Fulashi imawalitsa pulasitiki yoyera mpaka zilembo kusowa. Ndinawauzanso kuti atumize ngati dokyumenti, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi, ndiye ukazikulitsa timalemba timangooneka mbuu.

Ndinayambira pa hinjesi, kachitsulo kolumikiza chivundikiro ndi kabokosi. Pa enieni kachitsuloka kamakhala ndendende m'malo mwake, osatumphuka, ndipo mpata wa kumanzere ndi wa kumanja umafanana. Nditakulitsa chithunzi, ndinaona kuti mbali imodzi inali ndi kamzere kakuda kokulirapo, ngati chitseko chopachikidwa mokhota. Mzere umene chivundikiro chimakumanirana ndi kabokosi nawo unali woyasama pang'ono kumanja. Izi zinandikayikitsa, koma sindinagamule msanga. Kabokosi kenikeni kamene kanagwapo pa simenti kakhoza kuonekanso choncho, komanso mthunzi umanamiza.

Kenako malemba a m'munsi mwa hinjesiyo. Anthu ambiri amafunafuna chizindikiro cha apozi wolumidwa uja, koma kunja kwa kabokosi ka AirPods kulibe chizindikiro chimenecho, ndipo mukachiona chitadindidwa kutsogolo, ingodziwani kuti mwakumana ndi feki. Chimene chimakhalapo ndi mizere iwiri kumbuyo: "Designed by Apple in California", pansi pake "Assembled in China" kapena "Assembled in Vietnam". Zilembo zake zimakhala zotuwa mopepuka, zopyapyala, zotalikirana mofanana. Za pa chithunzi changa zinali zakuda kwambiri ndi zonenepa, ngati inki yanyowa. Kalembedwe kokha kanali kolondola. Masiku ano opanga feki salakwitsanso sipelo ngati kale, ndiye amene akudikira kupeza chilembo chosowa adikira mpaka dzuwa kulowa.

Pamene nkhani inathera ndi pa manambala, ndipo apa ndi pamene ndinataya nthawi yambiri. Ma AirPods Pro am'badwo wachiwiri alipo mitundu iwiri. Otuluka mu 2022 amatchajidwa ndi chingwe cha Lightning, kabokosi kake ndi nambala A2700, ndipo timahedifoni take ndi A2698 ndi A2699. Otuluka mu 2023 ali ndi doko, kabowo kolowetsapo chingwe chotchajira, la USB-C, kabokosi ndi A2968, timahedifoni ndi A3047 ndi A3048. Nambala ya kabokosi imalembedwa mkati mwa chivundikiro, m'kadzenje momwe mutu wa hedifoni umalowa, pamodzi ndi siliyo nambala.

Chithunzi cha pansi chinkaonetsa doko la USB-C, lija lokhala ndi kalilime pakati, ndi timabowo ta sipika pambali pake. Pepala la pa katoni linayamba ndi MTJV3, imene ndi nambala ya mtundu wa USB-C, ndipo mpaka apa zonse zinkagwirizana. Koma mkati mwa chivundikiro munalembedwa A2700. Kabokosi ka USB-C sikangakhale ndi nambala ya ka Lightning. Wopangayo anasintha doko n'kusiya chidindo chakale. Ndinafanizanso siliyo ya pa katoni ndi ya m'chivundikiro, chilembo ndi chilembo, ndipo zinali zosiyana.

Nditamuuza mnyamatayo, ananditumizira chithunzi cha tsamba la checkcoverage.apple.com chosonyeza kuti siliyo ya pa katoni ikudziwika. "Mwaona bwana? Ndi orijino." Ndikukhulupirira kuti iyenso anapusitsidwa ndi amene anamupikulitsa. Tsambalo limangotsimikizira kuti nambalayo ilipo, silinena kuti chimene chili m'manja mwanu ndi mwini nambalayo. Opanga feki amakopera siliyo imodzi yeniyeni n'kuidinda pa makatoni ambirimbiri. Chimodzimodzinso kachithunzi kamene kamatulukira pa iPhone mukatsegula chivundikiro: feki zambiri zimakatulutsanso. Kuyambira pa iOS 16, pulogalamu yoyendetsa iPhone, foni imatha kuchenjeza kuti "Cannot Verify AirPods", koma feki zina zimadutsa osagwidwa.

Ndinamubwezera zithunzi ziwiri zija, cha doko ndi cha m'chivundikiro, nditazunguliza A2700 ndi mzere wofiira, kuti akamuonetse womupikulitsayo. Ndalama sindinatumize. Mchemwali wanga ndinamuuza kuti apirire kaye ndi mahedifoni ake a chingwe, ndipo wogulitsa wotsatira ndinayamba ndi kumupempha chithunzi cha mkati mwa chivundikiro.