Kolamu sipesi ndi nalu sipesi: pamene ndafika ndi matirikisi ya mizere 3 ndi makolamu 4

Masiku ano madzulo anga akuthera pa matirikisi zomwe mizere ndi makolamu ake sizifanana kuchuluka. Zija zofanana mbali zonse ndinazizolowera, chifukwa ditaminanti imandiuza msanga ngati matirikisi ili ndi inivesi kapena ayi. Koma matirikisi ya mizere 3 ndi makolamu 4 ilibe ditaminanti, ilibenso inivesi, ndiye funso limasintha. Timafunsa kuti makolamu ake akaphatikizidwa amafika pati, komanso kuti ndi mavekita ati amene matirikisiyo imawasandutsa ziro. Yankho la funso loyamba ndi kolamu sipesi, C(A), ndipo la funso lachiwiri ndi nalu sipesi, N(A). Ntchito ya sabata ino inali kupeza besisi ndi dayimenshoni ya chilichonse mwa ziwirizi, ndi pensulo papepala kaye, kompyuta pambuyo.

Matirikisi yomwe ndagwira nayo ntchito ndi iyi:

```
A = [ 1  2  1  2 ]
    [ 2  4  3  3 ]
    [ 3  6  4  5 ]
```

Ndisanachite kalikonse ndimalemba pambali kumene chilichonse chimakhala. Kolamu iliyonse ili ndi manambala atatu, choncho C(A) ili m'kati mwa R^3. Vekita x yomwe ndingachulukitse ndi A iyenera kukhala ndi manambala anayi, imodzi pa kolamu iliyonse, choncho N(A) ili m'kati mwa R^4. Ndikatuluka ndi vekita ya nalu sipesi ya manambala atatu, ndiye kuti ndasochera kale ndisanayang'ane n'komwe ngati manambalawo ndi olondola.

Kupungula mizere kunayenda mosavuta. Pa mzere wachiwiri ndinachotsa mzere woyamba kawiri, n'kutsala 0, 0, 1, -1. Pa mzere wachitatu ndinachotsa mzere woyamba katatu, n'kutsalanso 0, 0, 1, -1 yemweyo. Mizere iwiri ikafanana chonchi, umodzi umafa: kuchotsa wachiwiri pa wachitatu kunasiya maziro okhaokha. Pomaliza ndinachotsa mzere wachiwiri pa woyamba kuti pamwamba pa pivoti yachiwiri pakhale ziro.

```
R = [ 1  2  0   3 ]
    [ 0  0  1  -1 ]
    [ 0  0  0   0 ]
```

Pivoti ndi nambala yoyamba yosakhala ziro mumzere. Pano mapivoti alipo awiri, ina mu kolamu yoyamba, ina mu kolamu yachitatu. Kolamu yachiwiri inadumphidwa chifukwa pamene ndinkayeretsa kolamu yoyamba, nayonso inayera pansi pake, popanda chotsala choti chikhale pivoti. Kuchuluka kwa mapivoti ndiye ranki, ndipo ranki ya A ndi 2.

Apa ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa lamulo lake ndi lalifupi koma chifukwa chake chimafuna kuchimvetsa. Lamulo likuti: yang'ana mu R kuti uone makolamu amene ali ndi mapivoti, kenako bwerera ku A ukatenge makolamu a malo omwewo. Ndiye besisi ya C(A) ndi (1, 2, 3) ndi (1, 3, 4), kolamu yoyamba ndi yachitatu ya A, ndipo dayimenshoni yake ndi 2.

Bwanji osangotenga (1, 0, 0) ndi (0, 1, 0) za mu R, zomwe zikuoneka zoyera bwino? Taonani nambala yotsiriza ya kolamu iliyonse ya R. Ponse ndi ziro. Mungaziphatikize mulimonse, nambala yachitatu ikhalabe ziro, ndipo simudzafika pa (1, 2, 3), yomwe ndi kolamu ya A yeniyeni ndipo iyenera kukhala mu C(A). Kupungula mizere kumasuntha kolamu sipesi. C(R) ili ngati pansi pa nyumba, pathyathyathya pamene nambala yachitatu ndi ziro, pomwe C(A) ili ngati denga lopendekeka lodutsa pa ziro. Zonse ziwiri dayimenshoni yake ndi 2, koma si malo amodzi.

Nanga ngati kupungula kumasuntha sipesiyo, R ikutiuza bwanji zoona za A? Chimene kupungula sikusintha ndi ubale wa pakati pa makolamu. Kuchotsa mzere pa mzere unzake ndi ntchito yoti ungathe kuibweza, choncho x iliyonse yokwaniritsa Ax = 0 imakwaniritsanso Rx = 0, ndipo yokwaniritsa Rx = 0 imakwaniritsa Ax = 0. Koma Ax = 0 ndi chiganizo chonena kuti makolamu akaphatikizidwa motere amapereka ziro. Ndiye ubale uliwonse womwe ukuoneka poyera mu R ulimonso mu A, ndi manambala omwewo.

Ndinayesa ndi maso anga. Mu R, kolamu yachiwiri ndi (2, 0, 0), kutanthauza kolamu yoyamba kawiri. Mu A, (2, 4, 6) ndi (1, 2, 3) kawiri, ndithu. Kolamu yachinayi ya R ndi (3, -1, 0), kutanthauza kolamu yoyamba katatu kuchotsapo yachitatu kamodzi. Mu A, (1, 2, 3) katatu ndi (3, 6, 9), ndipo tikachotsa (1, 3, 4) patsala (2, 3, 5), yomwe ndi kolamu yachinayi ndendende. Ubale wachiwiriwu sindikanauona pongoyang'ana A. R inaulemba poyera mu manambala 3 ndi -1. Kwa ine apa ndiye pokoma pa mutu wonsewu: kolamu yopanda pivoti ya R ndi malangizo opangira kolamu imeneyo kuchokera ku makolamu a mapivoti.

Zimenezi zikupereka zinthu ziwiri zomwe besisi imafuna. Kolamu yachiwiri ndi yachinayi sizibweretsa chatsopano, choncho yoyamba ndi yachitatu zokha zikukwanira kufika paliponse mu C(A). Ndipo ziwirizi sizidalirana, popeza (1, 0, 0) ndi (0, 1, 0) mu R sizidalirana, ndipo ubale womwe mulibe mu R mulibenso mu A.

Pali njira ina yoonera C(A) yomwe inandithandiza potsimikiza. Mzere wachitatu unafa chifukwa mu A ndi kuphatikiza kwa mzere woyamba ndi wachiwiri. Choncho kolamu iliyonse nambala yake yachitatu ndi yoyamba kuphatikiza yachiwiri, ndipo C(A) ndi mavekita onse b okwaniritsa b3 = b1 + b2. Vekita (1, 1, 2) ilimo, ndipo ndinaipeza potenga (1, 2, 3) kawiri n'kuchotsa (1, 3, 4). Vekita (1, 1, 1) mulibe, kutanthauza kuti Ax = (1, 1, 1) ilibe yankho.

Nalu sipesi ndiyo yosavuta kumbali iyi, chifukwa A ndi R zili ndi nalu sipesi imodzi, ndiye palibe zobwereranso ku A. Mizere iwiri yamoyo ya R ikunena kuti:

```
x1 + 2*x2 + 3*x4 = 0
x3 - x4 = 0
```

x1 ndi x3 ndi za mapivoti, pomwe x2 ndi x4 ndi zaufulu: ndingazipatse nambala iliyonse, zinazo n'kutsatira. Ndimatenga yaufulu imodzi n'kuipatsa 1, inzake 0, kenako n'kusinthanitsa. Pamene x2 ndi 1 ndipo x4 ndi 0, x1 ikhala -2 ndipo x3 ikhala 0. Pamene x2 ndi 0 ndipo x4 ndi 1, x1 ikhala -3 ndipo x3 ikhala 1.

```
s1 = (-2, 1, 0, 0)
s2 = (-3, 0, 1, 1)
```

Chenjerani ndi zizindikiro pamenepa. Mu R muli 3 ndi -1, koma mu s2 zikulowa zitatembenuka, -3 ndi 1, chifukwa zawolokera tsidya lina la ikweshoni. Kutsimikiza sikuchedwa, ndipo ndimachita ndi A osati R, kuti ndigwirenso cholakwa chomwe chingakhale chitalowa popungula. Pa s2, mzere woyamba ukupereka -3 + 1 + 2, wachiwiri -6 + 3 + 3, wachitatu -9 + 4 + 5, ponse ziro. Mavekita awiriwa sadalirana chifukwa pa malo achiwiri ndi achinayi ali ndi 1, 0 ndi 0, 1, ndipo yankho lililonse la Ax = 0 ndi x2 kuchulukitsa s1 kuphatikiza x4 kuchulukitsa s2. Ndiye ndi besisi, ndipo dayimenshoni ya N(A) ndi 2.

Kolamu iliyonse imakhala ya pivoti kapena yaufulu, palibe mtundu wachitatu, ndiye madayimenshoni awiriwa akaphatikizidwa amapereka kuchuluka kwa makolamu: 2 + 2 = 4. Osati mizere. Mzere umodzi wa maziro mu R ungamunyenge munthu kuganiza kuti nalu sipesi dayimenshoni yake ndi 1, koma mzerewo ukuwerenga za nalu sipesi ya matirikisi yotembenuza, A^T, yomwe dayimenshoni yake ndi 3 - 2 = 1.

Kenako ndinasintha nambala imodzi yokha kuti ndione kulimba kwa zonsezi: 5 wa pakona ya pansi ndinamusandutsa 6. Mzere wachitatu sunafenso, unatsala 0, 0, 0, 1, ndipo kolamu yachinayi inapeza pivoti. Ranki inakwera kufika 3, C(A) inakhala R^3 yonse, ndipo nalu sipesi inatsala ndi s1 yokha, 3 + 1 = 4. Ngakhale 5.001 akanachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake potsimikiza pa kompyuta ndasankha SymPy, yomwe imawerenga manambala athunthu ndi tizigawo mosadula, m'malo mwa madesimo omwe angasiye kanambala kakang'ono pamene pamayenera kukhala ziro.

```python
from sympy import Matrix
A = Matrix([[1,2,1,2],[2,4,3,3],[3,6,4,5]])
print(A.rref())
print(A.columnspace())
print(A.nullspace())
```

`rref()` inabweza R yomweyi pamodzi ndi `(0, 2)`, omwe ndi makolamu a mapivoti powerenga kuyambira pa ziro, ndiye woyamba ndi wachitatu. `columnspace()` inapereka (1, 2, 3) ndi (1, 3, 4), ndipo `nullspace()` inapereka s1 ndi s2. Mukagwiritsa ntchito `null_space` ya SciPy muona madesimo osafanana ndi anga, chifukwa iyo imapereka besisi ya mavekita a utali 1 oima mopingasana. Sipesi ndi yomweyo, besisi ndiyo ina. Yang'anani ngati mavekita alipo awiri ndiponso ngati A ikuwasandutsa ziro, kapena kanambala koyandikira ziro kwambiri.

Chotsatira ndi matirikisi yaitali, mizere 5 ndi makolamu 3, kumene nalu sipesi ikhoza kukhala vekita ya ziro yokha, ya dayimenshoni 0 ndi besisi yopanda kanthu. Ndikufuna ndipange imodzi ya ranki 3 ndi ina ya ranki 2 kuti ndiziyerekeze.