Kalata yaifupi ya mphunzitsi wofunsira ntchito ya muofesi ya pulojekiti

Ndisanalembe chilichonse, ndimatenga chilengezo cha ntchitocho ndi kudula mzere pansi pa ntchito zenizeni zimene akufuna. Pa udindo wothandiza kuyendetsa pulojekiti zimakhala zomwezomwezo: kusunga mafailo, kukonza misonkhano ndi kulemba maminitsi, kutolera makotesheni, kulongosola malisiti ndalama zikagwiritsidwa ntchito, ndi kulemba malipoti pa nthawi yake. Kenako ndimagawa pepala pakati. Kumanzere ntchito zawozo, kumanja chimene ndinagwirapo kusukulu chofanana nacho. Pamene kumanja pakusowa cholemba ndimasiya popanda kanthu.

Kumanja kumeneku n'kumene aphunzitsi ambiri amadzichepetsera. Amalemba kuti ndine woleza mtima, ndimakonda ana, ndimalimbikira ntchito. Wolemba ntchito sakufuna munthu wa m'kalasi, ndipo mawu otere alibe umboni. Chimene akufuna kumva ndi chakuti munagwirapo ndalama za eni ndi mapepala a eni, osasokoneza. Ndalama zotukulira sukulu zimene boma limapereka ku sukulu za pulayimale ndiye chitsanzo champhamvu kuposa zonse, chifukwa njira yake ndi imodzimodzi ndi ya m'mabungwe: komiti ya sukulu imagwirizana zogula, mumatolera makotesheni atatu, mumagula, mumasunga malisiti, kenako mumapereka lipoti. Ngati munalemberapo maminitsi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, munasungapo kaundula wa matumba a ufa wa phala, kapena munadzazapo mafomu a kalembera wa sukulu wa chaka ndi chaka, zonsezo ndi ntchito za muofesi. Kuno ku Mulanje palinso china: namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, sukulu zambiri zinasanduka misasa. Mphunzitsi amene analemba mayina a mabanja ndi kuwerengetsa katundu wogawidwa ali ndi chonena chimene bungwe lothandiza anthu limachimva msanga.

Ndimasankhapo ziwiri kapena zitatu zokha, zimene ndingaike nambala ndiponso zimene ahedi angavomereze atawaimbira foni. Kalatayo isapitirire mawu 150. Nthawi zambiri imalembedwa m'Chingerezi, koma ndimayamba ndaiyala m'Chichewa kuti ndione ngati ikunenadi kanthu. Tiyerekeze mphunzitsi wa sukulu ina cha ku Chitakale:

"Ndikufunsira ntchito ya wothandiza kuyendetsa pulojekiti imene munalengeza. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala mlembi wa komiti ya sukulu. Ndimaitanitsa misonkhano, kulemba maminitsi, kutolera makotesheni ndi kulongosola malisiti a ndalama zotukulira sukulu mpaka lipoti litaperekedwa. Ndimasunganso kaundula wa ana 900 olandira phala ndi kutumiza ziwerengero zake mwezi uliwonse. Ndimagwiritsa ntchito Word ndi Excel polemba malipoti ndi magiredi. Ndikufuna kugwira ntchito imeneyi tsiku lonse, ndipo midzi imene mukugwiramo ntchito ndikuidziwa. Ndaphatikizapo mbiri yanga ya ntchito ndi masatifiketi."

Onani kuti sanalembe kuti amayendetsa bajeti ya sukulu. Amene amasaina ndi ahedi ndi a komiti, ndipo pa intaviyu funso limodzi lokha, loti ankasaina ndani, limagwetsa munthu wokokomeza. Kunena kuti ndimalongosola malisiti n'kochepa, koma n'koona, ndipo ndiyo ntchito imene akulembera. Chimodzimodzi ndi Excel: ngati mumangodziwa kulowetsa mayina, musanene kuti ndinu katswiri, chifukwa ena amapereka kompyuta pomwepo kuti muphatikize manambala. Phunzirani kaye `=SUM(B2:B40)` ndi kusanja mayina motsata alifabeti.

Chifukwa chosiyira choko chimakwana chiganizo chimodzi, ndipo chiyang'ane kumene mukupita. Za malipiro ochedwa, kalasi ya ana ochuluka kapena kusamvana ndi ahedi, ngakhale zili zoona, sizilowa muno. Wowerenga amangoti munthuyu akuthawa, ndipo mawa adzatithawanso ife.

Zotsala ndi zing'onozing'ono koma zimatayitsa kalata. Pa mutu wa imelo ndimakopera dzina la ntchito monga momwe alilembera pa chilengezo, ndi nambala yake ngati ilipo, chifukwa ena amasankhula makalata potengera mutuwo. Mapepala onse ndimawaika mu failo imodzi ya PDF yokhala ndi dzina langa, osati zithunzi zisanu zojambula pa foni zotchedwa `IMG_0042.jpg`. Ondichitira umboni ndimaika ahedi ndi mlangizi wa maphunziro wa zoni, ndipo ndimayamba ndawauza zimene ndalemba, kuti manambala awo ndi anga asasiyane. Ndisanatumize, ndimadzitumizira ndekha imeloyo ndi kutsegula failoyo pa foni, chifukwa netiweki ikadukiza, imelo imatha kupita yopanda mapepala.