Bandulo yanga inapita ku chinkhoswe

Popeza wometa wa pafupi ndi shopu yanga wayamba kale kuifalitsa nkhaniyi Ndirande yonse, bola ndiinene ndekha. Zoti ndinalira ndi bodza. Munalowa fumbi m'maso.

Paja mukudziwa kuti pakhoma panga ndinalemba ndi penti yofiira: kuika gemu kapena apu K2,000, mtengo susintha. Zonse ndimatenga pa Play Store. Wofuna GB WhatsApp ndimamubweza, chifukwa nambala yake ikatsekedwa adzabwera kudzatukwanira pakhomo panga pomwe. Wofuna gemu yobedwa ya makoini osatha ndimamubwezanso, mwina ndi kaulaliki pang'ono. N'chifukwa chake amanditcha Abusa.

Ndiye Loweruka kunabwera amayi ena achikulire, foni ataimanga pa nsonga ya chitenje. Ka itel ka 16 GB, galasi long'aluka pakona.

"Mwanawe, mdzukulu wanga akufuna ya mpira ija."

Ndinayang'ana malo otsala: 3 GB. Ndinawalangiza ngati munthu wodziwa ntchito yake kuti eFootball ndi yolemera, pa foni yotere izingodukiza mpaka mwana adzaiponya pansi, koma Dream League Soccer ndi yopepukirapo. Ndinawauzanso kuti gemuyo ndi yaulere, ndalama yawoyo ndi ya data ndi ntchito yanga basi.

"Simudzawonjezera pambuyo?"

"Amayi, ine? Onani pakhomapo."

Ndinaloza ndi chala, anthu anayi akuona. Chala chimenecho ndikanangochiluma.

Ndinalumikiza foniyo ku kaMiFi kanga, momwe m'mawa womwewo ndinali nditathiramo bandulo ya 10 GB yoti indifikitse kumapeto a mwezi. Batire inali pa 9, ndiye ndinaibaya pa chaja. Amayi anapita kukagula matemba, ine n'kutembenukira kwa mnyamata wina amene anaiwala pasiwedi ya Gmail.

Tsono tamverani, chifukwa apa mlandu si wanga ndekha. Foni ya Android ikaikidwa kuti mapulogalamu azidzikonzanso pa Wi-Fi pokha, imadikira. Imadikira moleza mtima ngati ng'ona pa dooko. Iyi inali isanalaweko Wi-Fi chigulireni, zaka ziwiri zathunthu. Ndipo foni sidziwa kuti kaMiFi kanga ndi bandulo yogula ndi thukuta. Kwa iyo Wi-Fi ndi Wi-Fi, madzi a m'nyanja. Ine ndinaipatsa zonse zimene inkapempherera: netiweki, magetsi ndi mtendere.

Woyamba kuzindikira anali wometa uja, amene amaba Wi-Fi yanga kuyambira chaka chatha.

"Abusa, netiweki yanu yafa!"

Nditatsegula Play Store ndinapeza mzere wautali ngati wa mafuta pa filing'i siteshoni. YouTube yadya kale. Chrome yadya. Facebook yadya n'kupempha zina. Maps, abale, Maps! Amayi amene ulendo wawo ndi wa kunyumba, kutchalitchi ndi kuchigayo, foni yawo inaona kuti ikufunika mapu atsopano a dziko lonse lapansi. Ngakhale kakyuleta inali pamzere. Kodi masamu asintha liti? Ndinaima n'kumaiyang'ana kakyuletayo nthawi yaitali ndithu, iyonso ikundiyang'ana.

Koma chimene chinandimaliza ndi Google Photos. Inali kalikiliki kutumiza mavidiyo a chinkhoswe cha mwana wawo, onse, pa bandulo yanga. Ina inali ya mphindi 40, yojambula denga la tenti ndi phewa la munthu. Ndaperekeza chinkhoswe cha anthu osawadziwa, osadyako ngakhale chipapiko cha nkhuku.

Gemu ija? Mapulogalamu atafufuma malo anatha, inakana kulowa.

Amayi atabwera ndinawafotokozera zonse mwaulemu. Anamvetsera, akugwedeza mutu, kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana pakhoma. Sanalankhule. Anangowerenga ndi milomo.

Ndinagula bandulo ina pa Mpamba. Tinakhala pansi kufufuta mavidiyo a m'gulu la WhatsApp la kumpingo, iliyonse ndikuyamba ndapempha chilolezo, iliyonse iwo akuyamba aionera kaye mpaka kumapeto. Gemu inalowa dzuwa litapendeka. Anandipatsa K2,000 yeniyeniyo, n'kuwonjezera nthochi ziwiri, akuti ndine mwana woleredwa bwino.

Masiku ano foni isanakhudze Wi-Fi yanga ndimayamba ndalowa mu Play Store, Settings, Network preferences, Auto-update apps, n'kusankha Don't auto-update apps. Kenako ndimathimitsa Backup mu Google Photos, mwini wake akuona, ndipo ndikamaliza ndimabwezeretsa momwe zinalili. Pasiwedi ya MiFi ndinasinthanso, n'chifukwa chake wometayo akuiwonjezera mchere nkhaniyi.

Dzulo amayi aja anabweranso ndi anzawo atatu a Mvano. Akuti anamva kuti kwa Abusa foni imatuluka yatsopano pa K2,000.