Injini ya pampu yafika pa utsi wachitatu

Injini yadizilo ya silinda imodzi imene ndinagula ku Nchalo tsopano ikulira bwino, ndipo ikukoka madzi kuchokera m'chitsime cha kudimba. Ndi ya mtundu uja woliza ndi handulo, wokhala ndi thanki ya madzi ozizitsira pamwamba pa silinda. Chiyambireni kuikonza yandionetsa utsi wa mitundu yonse itatu motsatana, woyera, wakuda ndi wabuluu. Ndikulemba momwe ndinayendera kuti amene ali ndi injini ya chigayo kapena ya pampu asathamangire kumasula hedi, chivindikiro cha pamwamba pa silinda.

Woyera ndiye unandidyera nthawi, chifukwa pa dizilo umatanthauza zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Ukhoza kukhala nthunzi ya madzi, kapena dizilo amene walowa m'silinda n'kutuluka osayaka. Nthunzi ya m'mawa imene imatha injini ikangotentha ilibe vuto, koma ndi kutentha kwa kuno kuchigwa mu Okutobala, nthunzi yotere sikhalitsa n'komwe. Wanga unkangofuka, injini ikutsokomola, ndipo unkalasa m'maso ndi kununkha dizilo wamuwisi.

Ndinatenga pepala loyera n'kuliika pafupi ndi kamwa ya ekizozi kwa kanthawi. Akanakhala madzi, pepalalo likanauma padzuwa n'kukhala monga linalili. Langa linatsala ndi banga la mafuta losachoka. Ndinayang'ananso m'thanki ya madzi injini ikulira: munalibe thovu lotumphuka, madzi sanali kutsika mopitirira muyezo, ndipo oyilo pa kachitsulo koyezera anali wakuda bwinobwino, osati wotuwa ngati tiyi wamkaka. Gasiketi ya hedi ikapsa, kawirikawiri chimodzi mwa zizindikiro zimenezi chimaoneka. Pa galimoto, ya petulo kapena ya dizilo, utsi woyera wosatha umene ukudza limodzi ndi kuchepa kwa madzi mu rediyeta ndi wofunika kuzimitsa injini msanga, chifukwa madzi akadzaza m'silinda pisitoni singawapanikize, ndipo chimapindika ndi chitsulo chimene chimagwira pisitoniyo.

Dizilo alibe pulagi yomuyatsa. Amayaka ndi kutentha kwa mpweya umene pisitoni yaupanikiza kwambiri, ndiye kuti ayake bwino pamafunika kuti mpweyawo utenthe mokwanira, mafuta alowe pa nthawi yake, komanso alowe atamwazika ngati nkhungu. Chimodzi chikasokonekera, amatuluka woyera. Ndinayamba ndi chosalira ndalama. Ndinakhetsera mafuta a pansi pa thanki m'botolo loonekera mkati, ndipo atadikha madzi anakhala pansi, dizilo pamwamba. Nditatsuka thanki ndi kusintha fyuluta ya mafuta, kutsokomola kunachepa koma utsi sunathe.

Kenako ndinamasula injekita, chitsulo chopopera dizilo m'silinda, n'kuilumikizanso ku paipi yake ili panja, ndikupukusa handulo. M'malo mopopera nkhungu yosalala ndi kudukiza mwadzidzidzi, nozo, nsonga ya injekitayo, inkalavula kamtsinje kopendekera mbali imodzi, kenako n'kumadontha. Madontho akuluakulu otere sapeza nthawi yoyaka onse. Apa ndichenjeze ndithu: musayese kuika chala kutsogolo kwa nozo. Mafutawo amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo bala lake ndi lothamangira nalo kuchipatala ngakhale likuoneka laling'ono. Nditaika nozo yatsopano ndi kuchuna mpata wa mavalavu monga momwe buku la injiniyo likunenera, woyera uja unatha. Akanapitirira, ndikanayang'ana nthawi imene pampu ya mafuta ikupopera, chifukwa ikachedwa utsi umayeranso.

Wakuda unabwera nditangomangirira pampu ya madzi. Injini ikalira yopanda katundu ekizozi inali mbee, koma ikayamba kukoka unkatuluka utsi wa mwaye. Umenewu ndi wosavuta kuumva: mafuta achuluka kuposa mpweya, ayaka mosakwanira. Pamene woyera ndi dizilo wosayaka n'komwe, wakuda ndi dizilo amene wayaka n'kusowa mpweya pakati panjira. Sefa ya mpweya ya injini imeneyi ndi ya m'bale wokhala ndi oyilo, ndipo nditaitsegula ndinapeza phala la fumbi louma mpaka pa waya wosefera. Ndi fumbi la kuno m'chilimwe, sefa imeneyi ndi yoyang'ana sabata iliyonse. Ndinaitsuka ndi parafini, n'kuiumitsa, n'kuthira oyilo watsopano kulekeza pa mzere. Mzerewo ndi wofunika: oyilo akapitirira, injini imamukoka n'kumuwotcha, utsi n'kusanduka wabuluu, ndipo pa dizilo ikhoza kuthamanga yokha osamveranso chozimitsira. Tsopano wakuda ukungooneka pang'ono pa nthawi imene katundu wangoigwera, n'kutha. Umenewo sundidetsa nkhawa. Ukakhala wosatha sefa ili yoyera, ganizirani katundu wopitirira mphamvu ya injini, monga chigayo chimene akuchithira chimanga mothinitsa. Pa petulo wakuda umachokera kawirikawiri ku choko chokakamira, kabureta yosefukira kapena sefa yomweyo, ndipo pulagi imatuluka ili ndi mwaye wouma.

Wotsala ndi wabuluu, ndipo umenewu ndi oyilo amene akupsa m'silinda. Funso lenileni ndi loti akulowera kuti, ndipo yankho limapezeka poona nthawi imene utsiwo ukutuluka. Amalume anga a ku Ngabu ali ndi kapikapu ka petulo kamene kamafuka buluu akangokaliza m'mawa, kenako zii. Anandiuza kuti kamachitanso chimodzimodzi akatsika zitunda zochokera ku Blantyre ali pa giya, n'kupondanso mafuta pofika ku Thabwa. Anafunsa kuti, “Mphwanga, kodi si maringi amenewa?” Ndinati, “Ayi amalume, yambani mwaona timalabala ta pa mavalavu.” Galimoto ikagona, oyilo amatsetsereka ndi tsinde la valavu n'kukadikira m'silinda. Potsika phiri phazi lili kumbali, injini ya petulo imayamwa mwamphamvu chifukwa khomo la mpweya latsekeka, ndiye imakokera oyilo pa timalabala totha tija. Maringi a pisitoni akatha, utsi umakula pamene injini ikukoka katundu, ndipo sutha ikatentha.

Injini yanga ili m'gulu lachiwirili. Buluu wake ndi wochepa koma sachoka ikamapopa madzi, oyilo akutsika pa kachitsulo, ndipo paipi yopumira ya kumunsi kwa injini ikuuzira mpweya wa utsi umene ukuchita kumveka padzanja. Ndi mpweya wa m'silinda umene ukudutsa m'mbali mwa pisitoni. Poona momwe sefa ija inalili, sindikudabwa, chifukwa fumbi lolowa ndi mpweya ndi limene limadya maringi ndi khoma la silinda. Pa petulo mungathe kutsimikiza poyeza kompuleshoni, kuthira kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi, n'kuyezanso: ikakwera, ndi maringi. Pa dizilo musachite zimenezo, popeza oyiloyo akhoza kuyaka, komanso malo otsala pamwamba pa pisitoni ndi ochepa kwambiri.

Ndiisiya ipope mpaka chimanga cha kudimba chikhwime, ndikuwonjezera oyilo ndi kulemba kuchuluka kwake tsiku lililonse. Ndikadzamasula hedi ndidzayamba ndapapasa khoma la silinda ndi chikhadabo. Ngati pamwamba pake pali kamzere kokodola chikhadabo, maringi okha sadzakwanira, ndidzafunika kugula ndi silivi yomwe, imene ndi khoma latsopano la silinda.