Mmene ndinakonzera bajeti ya ndalama zolowa pa gulu lathu ku Chitakale

Chaka changa choyamba ngati msungichuma ndinalemba ndalama zoyembekezera ngati kuti zili kale m'manja. Pofika Febuluwale tinali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri, chikhalirecho kubanki kunali ndalama zimene sitikanatha kuzikhudza. Zinandiwawa kwambiri. Chaka chino ndinakhala pansi ndi amayi apampando, mabuku a malisiti ali patebulo, n'kuyamba kuwerenga gwero lililonse palokha.

Tinayamba ndi zopereka za mamembala. M'kaundula tilimo anthu 60, aliyense K1,000 pamwezi, ndiye kuti K720,000 pachaka. Koma titatsegula malisiti a chaka chatha tsamba ndi tsamba, tinapeza kuti olipira mokhazikika ndi 42. Ndinalemba K504,000. Amayi apampando anati, "Amsungichuma, kodi simukuwafooketsa anthu?" Ndinayankha kuti enawo akalipira tidzasangalala, koma lendi sitingailipire ndi mayina a m'kaundula.

Uchi ndi umene unkatipusitsa kwambiri. Mabotolo 300 pa K5,000 amabweretsa K1,500,000, ndipo pamsonkhano anthu amaombera m'manja nambala imeneyi. Koma botolo lililonse limadya K3,200: kugula uchiwo kwa alimi a njuchi, botolo lenilenilo, chipepala chomata, ndi thiransipoti yopita nawo ku Limbe. Zotsala ndi K1,800 pa botolo, zonse pamodzi K540,000. Imeneyo ndiyo ndalama yathu. Mukaona kuti katundu akuyenda bwino koma nthawi yokaoda wina ikafika mukubwereka, dziwani kuti mwakhala mukudya mpamba.

Mphatso za anthu akufuna kwabwino sizipanganika. Zaka zitatu zapitazi zinali K150,000, K600,000 ndi K200,000, ndipo ndinatenga yochepetsetsayo.

Thandizo la K4,000,000 la ntchito ya nazale ndinalilemba patsamba lakelake. Mgwirizano umanena kuti K400,000 yokha ndiyo yoyendetsera ofesi, yotsalayo ndi ya machubu, mbewu ndi maphunziro basi. Limabweranso m'zigawo ziwiri, chachiwiri pokhapokha lipoti loyamba litavomerezedwa. Pempho lina limene tinatumiza koma sitinasainirane sindinaliike n'komwe, ngakhale anatilonjeza pafoni.

Ndalama zomwe tingagwiritse ntchito momasuka zinakwana K1,594,000, pomwe lendi, magetsi, mayunitsi ndi maulendo zimadya K130,000 pamwezi, K1,560,000 pachaka. Zikukwana, koma mwapang'onong'ono.

Chomaliza chinali kuyala ndalamazo mwezi ndi mwezi, ndipo apa mpomwe bowo linaonekera. Mu Januwale ndi Febuluwale anthu amathamangira chimanga, zopereka zimatsika, pomwe ambiri amabweza ngongole zawo akagulitsa nandolo cha mu Seputembala. Tinagwirizana kuti K260,000 ya phindu la uchi tiziisunga osaikhudza kufikira Januwale, ndipo potapa pasaine anthu awiri.